Nkhuku 200 sizisanduka 2,000 papepala chabe

Mapulani ambiri a bizinesi ya nkhuku za nyama amene magulu a alimi akubweretsa kwa ife alangizi nyengo ino, asanapite nawo ku banki kapena kwa ofuna kuikamo ndalama, ali ndi vuto limodzi. Ulendo woyamba alemba kuti aweta nkhuku 200, koma pofika ulendo wachitatu zakwana 2,000, popanda mzere ndi umodzi womwe wofotokoza chimene chasintha pakati pake. Olembawo amaganiza kuti chiwerengero chachikulu chikopa mwini ndalama, chonsecho iye akangoona kulumpha kotereku amayamba kukayikira tsamba lililonse.

Amakayikira chifukwa amawerengera. Nkhuku ya nyama imadya pafupifupi makilogalamu 4 kuti ifike masabata 6, choncho nkhuku 200 zimafuna matumba 16 a makilogalamu 50, pomwe 2,000 zimafuna matumba 160, ndipo onsewo amagulidwa musanagulitse nkhuku ngakhale imodzi. Khola nalonso liyenera kukula kakhumi, popeza nkhuku pafupifupi 10 ndizo zimakwana pa sikweya mita imodzi. Ngati pulani ikuonetsa malonda akukwera kakhumi koma ndalama ya khola, makala otenthetsera anapiye ndi antchito ili pomwepo, wowerengayo amadziwa kuti manambalawo adangolembedwa kuti akomere maso.

Chimene chikunditopetsa ndi chizolowezi cholemba ngati kuti palibe chingalakwike. Mwagula anapiye 200, mwalemba kuti mugulitsa nkhuku 200, ngati kuti matenda a chitopa ndi gumboro adatha, pomwe woweta aliyense amasiyiratu nkhuku pafupifupi 5 pa 100 kuti zikhoza kufa. Ena akulemba maulendo 8 pachaka, kuiwala masabata awiri otsuka khola ndi kulipumitsa, omwe amatsitsa maulendowo kufika pa 6. Mtengo wa chakudya akuusiya womwewo kwa zaka zitatu, ngakhale kuti tonse tidaona mmene mitengo idakwerera kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Mlimi wina nditamufunsa kuti nkhuku zonsezo agula ndani, adandiyankha kuti, “Alangizi, msika ulipo, pa Khirisimasi zidatha m’masiku awiri.” Pa malonda a sabata imodzi imeneyo adamangapo pulani ya chaka chonse. Za ulendo wa mu Febuluwale, anthu alibe ndalama m’thumba, zidakhala m’khola mpaka masabata 9 zikudya phindu lake.

Pokonza pulani, pambali pa nambala iliyonse lembani kumene yachokera, kaya ndi risiti, kotesheni ya wogulitsa chakudya kapena buku lanu la malonda. Kulani pang’onopang’ono, monga 200, 300, kenako 500, ndipo kukwera kulikonse kukhale ndi wogula wodziwika amene mwalemba kuti amatenga zingati pasabata komanso amalipira pakapita masiku angati. Onjezanipo tsamba loonetsa phindu limene litsale mtengo wa chakudya ukakwera ndi 20 peresenti.