Kanema wa ulaliki wa Lamulungu: momwe mungalembere mawu apansi pake kuti mlendo amupeze

Mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Joni anandiimbira foni tsiku lina usiku. Anamva kwa mkazi wake kuti abusa athu analalikira za ngongole, ndipo ankafuna adzimvere yekha. Anafufuza pa YouTube mpaka bandulo inatha, koma kanemayo sanamupeze. Nditatsekula tsamba la mpingo wathu ndinachita manyazi. Makanema onse anali ndi mutu umodzimodzi, `Sunday Service Live`, ndipo pansi pa aliyense panali mawu akuti "Ambuye akudalitseni" ndi nambala yotumizira chopereka basi. Wolemba zimenezo ndinali ine ndemwe.

Mkhristu wa pampingo panu safuna thandizo lililonse, linki imamupeza pa gulu la WhatsApp. Amene tikumulembera ndi wina: mtsikana amene wangosamukira ku Bangwe kuchokera ku Mulanje, kapena bambo amene wakatapila wamukhalira pakhosi ndipo tulo sakutiona. Anthu amenewa dzina la mpingo wanu salidziwa, la abusa anu ngakhalenso. Chimene amalemba pofufuza ndi vuto lawo, vesi imene akuikumbukira, kapena dera limene akukhala. Ntchito yonse yagona pakuika zinthu zitatuzi pomwe angazione msanga. Nditenga ulaliki womwe uja wa ngongole ngati chitsanzo, wochokera pa 2 Mafumu 4:1-7.

Yambani muli m'tchalitchi momwemo

Khalani ndi kapepala pafupi ndi kamera. Lembani malemba amene awerengedwa, chiganizo chimodzi kapena ziwiri zimene abusa azibwereza, ndi nthawi imene gawo lililonse layambira malinga ndi wotchi ya chojambuliracho, osati ya pamkono. Mukadikira Lolemba mudzakumbukira kuti "uthenga unali wamphamvu," ndipo mawu amenewo ndi omwe mudzalembe. Palibe munthu amene amafufuza "uthenga wamphamvu."

Pakapepala kanga tsiku limenelo panali izi: mayi wamasiye, mwini ngongole akubwera kudzatenga ana ake awiri kuti akakhale akapolo, m'nyumba mwangotsala kambiya ka mafuta, Elisa akuti kabwerekeni zotengera zopanda kanthu kwa anansi, tsekani chitseko, tsanulirani, kenaka kagulitseni mafutawo mubweze ngongole. Funso limene abusa ankangolibwereza linali lomwe Elisa anamufunsa mayiyo, loti m'nyumba mwake muli chiyani.

Mutu

YouTube imalola zilembo 100 pamutu, koma pafoni mutu wautali umadulidwa kumapeto. Choncho chofunika kwambiri chikhale kutsogolo. Tsiku ndi dzina la mpingo zipite kumbuyo, chifukwa dzina la tsamba limaoneka kale pansi pa kanema aliyense. Mutu umene ndinasintha unakhala uwu:

```
Ngongole ikakufika m'khosi | 2 Mafumu 4:1-7 | Ulaliki wa Chichewa, Blantyre
```

Abusa ena amapatsa maulaliki awo mitu yokoma pakhutu ngati "Chitseko chotseka." Musautaye, koma muuike mkati mwa mawu apansi. Amene anali m'tchalitchi aumvetsa. Mlendo aganiza kuti ndi za akalipentala.

Mizere iwiri yoyamba

Apa ndi pomwe ambiri timaphonya. Bokosi lolembedwa kuti Description limatenga zilembo mpaka 5,000, koma munthu amaona mizere yochepa yoyambirira yokha, zina zonse zimabisika mpaka atadina yekha kuti aone zambiri. Kachidutswa ka mawu oyambirira komweko ndi kamene kaŵirikaŵiri kamatuluka pansi pa chithunzi mukatumiza linki pa WhatsApp. Tsono ife Amalawi timayamba ndi moni, ndipo ndi khalidwe labwino: "Tikulandirani nonse m'dzina la Ambuye wathu, kulikonse kumene mukutionera." Pakamwa ndi zokoma. Polemba, moni ameneyu amadya malo onse ooneka, ndipo amafanana ndi wa mipingo ina yonse kuyambira Nsanje mpaka Chitipa. Moniyo atsike m'munsi.

M'mizere iwiriyo nenani za amene ulalikiwo ukumukhudza, zimene amve, ndi komwe walalikidwa. Lembani ngati mukuuza mnzanu amene mwakhala naye mu minibasi ya ku Limbe ndipo watsala pang'ono kutsika:

```
Kodi ngongole kapena katapila zakusowetsani mtendere? Ulaliki uwu wa
m'Chichewa, wolalikidwa ku Chilomoni, Blantyre, ukufotokoza nkhani ya
mayi wamasiye ndi mafuta a Elisa (2 Mafumu 4:1-7).
```

Onani kuti mawu akuti katapila sali m'Baibulo, komanso abusa anawatchula kaŵiri kokha. Ndinawaika chifukwa ndi amene munthu wa ku Ndirande angalembe. Sangalembe "umphaŵi wa pachuma." Koma musapitirire malire n'kulonjeza zimene mulibe m'kanemamo. Mukalemba kuti "njira yothetsera ngongole sabata imodzi," anthu adina, amvera mphindi imodzi, n'kutuluka atakwiya. YouTube imaona kuti anthu akuthawa msanga ndipo kanema wotereyo simukankhira kwa ena. Kuwonjezera apo, mwanama m'dzina la mpingo.

Pansi pa mizereyi onjezerani ndime ina ya ziganizo zitatu kapena zinayi yofotokoza mfundo za abusa m'mawu anuanu. Malemba onse amene anawerengedwa alembeni mokwanira, osafupikitsa: Miyambo 22:7, osati "Miy 22." Kumbukiraninso kuti Mabaibulo athu salemba mofanana. Wokulira pa Buku Lopatulika anazolowera Yehova, wa Buku Loyera amawerenga Chauta. Ena amalemba Masalmo, ena Masalimo. Ngati ulaliki wachokera m'buku lotere, gwiritsani kalembedwe kamodzi pamutu, kena mkati mwa ndime, mwachibadwa. Musaunjike mawu makumi aŵiri motsatizana ngati mndandanda wa zogula ku msika. Malamulo a YouTube amaletsa kudzaza bokosili ndi mawu ongokopera anthu.

Za Chingerezi: mzere umodzi ndi wokwanira, ndipo ndi wofunika. Ana athu ambiri, ndi abale ali kunja, amafufuza mosakaniza zilankhulo.

```
Chichewa sermon on debt, 2 Kings 4:1-7, Blantyre, Malawi.
```

Muuzeni pomwe ulaliki wayambira

Mapemphero athu amatenga maola atatu. Kwaya ya amayi, ya achinyamata, zolengeza, kulandira alendo, chopereka cha m'milaga, ndiye ulaliki. Mlendo amene wagula bandulo ya tsiku limodzi sangaonere zonsezo podikira abusa. Ngati mungathe, dulani ulaliki wokha n'kuuika ngati kanema payekha. Ameneyo ndi amene amayenda. Ngati kompyuta yodulira mulibe, lembani nthawi za pakapepala kaja m'bokosi lomweli, mzere uliwonse nthawi yake:

```
0:00 Kutsekulira ndi nyimbo
38:20 Zolengeza
1:05:40 Kuwerenga 2 Mafumu 4:1-7
1:12:15 Ulaliki: ngongole ikakufika m'khosi
1:58:30 Pemphero
```

YouTube imasandutsa mizereyi kukhala magawo oti munthu angodina n'kudumphira pomwe akufuna. Koma ili ndi malamulo ake. Nthawi yoyamba ikhale `0:00`, nthawizo zikhale zosachepera zitatu, zitsatizane kuyambira yaing'ono, ndipo gawo lililonse lisachepere masekondi 10. Magawo akapanda kuoneka, yang'anani kaye mzere woyamba, chifukwa ambiri timayambira pa ulaliki n'kuiwala `0:00`. Vuto lina ndi kulemba `1.12.15` ndi madontho m'malo mwa `1:12:15`. Ndipo ngati munaulutsa pompopompo, yesani nthawizo pakanema amene watsala, poti mphindi zimene kamera inkadikira anthu asanalowe zimasokoneza zonse. Ine ndinatumizapo anthu ku "Ulaliki" n'kukapeza mlembi wa mpingo akuwerenga ndondomeko ya osesa m'tchalitchi.

Momwe angakupezereni

Munthu wamva uthenga, wakhudzidwa, akufuna abwere Lamulungu. "P.O. Box" siimuthandiza. Ku Blantyre kuno timalondolerana ndi masiteji ndi zizindikiro, ndiye lembani chimodzimodzi: akwere minibasi ya kuti, kuchokera mu Limbe kapena m'tauni, atsike siteji iti, ayende mbali iti, ndi chimene wakabaza angachidziwe, kaya ndi chigayo, sukulu kapena mjigo. Tchulani dera ndi mzinda womwe, chifukwa mipingo yambiri imafanana maina, ndipo wa ku Lilongwe asaganize kuti muli kwa Area 25. Ikani nthawi za mapemphero ndi chilankhulo chake, mwachitsanzo 6 koloko m'maŵa Chingerezi, 9 koloko Chichewa. Kwa mayi wa ana, mzere wonena kuti Sande sukulu ilipo ndi umene ungamubweretse.

Gawo limeneli silisintha sabata ndi sabata, choncho musamalilembe mobwereza. Pakompyuta tsekulani YouTube Studio, pitani pa Settings, kenaka Upload defaults, ndi kuliika m'menemo kamodzi. Lizituluka lokha pakanema aliyense watsopano amene mwamuika kudzera pakompyuta, inu n'kumangolemba za pamwamba. Chenjerani ndi chimodzi: nthawi ya mapemphero ikasintha, makanema akale sasintha okha.

Nambala ya chopereka ikhale kumapeto kwenikweni. Mlendo akaona ndalama asanaone vesi amaganiza zake, ndipo sitingamudzudzule. Nambala ya foni ikhale ya ofesi ya mpingo, osati ya abusa ya m'thumba. Maina a odwala amene anapemphereredwa, kapena a amene anapereka umboni wa ngongole zawo, asalembedwe. Zolembedwa zimafufuzika, ndipo wakatapila nayenso ali ndi foni. Mahashitagi aŵiri kapena atatu akwana, monga `#Blantyre` ndi `#Ulaliki`. Ndipo YouTube ikakana kusunga zimene mwalemba, onani ngati simunaikemo zizindikiro `<` kapena `>`, chifukwa bokosili silizilandira.

Amene mumaulutsa pa Facebook, mawu omwewa akoperani, mizere iwiri ija ikhalebe pamwamba. Dziwani kuti kuyambira mu 2025 Facebook imafufuta makanema oulutsidwa pompopompo pakatha masiku 30, ndiye tsitsani kanemayo msanga n'kumuika pa YouTube.

Yesani ngati mlendo

Musayesere pafoni yanu. Imakudziwani kale, ndipo ikuonetsani mpingo wanu ngakhale mutalemba zolakwika. Pakatha masiku angapo bwerekani foni ya munthu wosapemphera nanu, mulembe zimene mlendo angalembe, monga "ulaliki wa ngongole Chichewa," osatchula dzina la mpingo. Kanema watsopano wa tsamba laling'ono satulukira pamwamba msanga, ndiye musasinthe mutu tsiku lililonse.

Pakapita mwezi, tsekulani kanemayo mu YouTube Studio, dinani Analytics, kenaka Reach. Pamenepo pali gawo losonyeza mawu amene anthu analemba pofufuza mpaka kukupezani, ngakhale kuti oonera akachepa kwambiri limakhala lopanda kanthu. Mukaona kuti mawu onse ndi dzina la mpingo ndi la abusa, ndiye kuti akukupezani ndi a m'nyumba okhaokha, ndipo mizere iwiri yoyamba ija ikufunika kuilembanso. Mukayamba kuonamo mawu ngati "katapila" kapena "mayi wamasiye ndi mafuta," mawu amenewo aperekeni kwa abusa, aone zimene anthu akunja akufunsa. Makanema akale nawonso amasinthika. Ine ndimakonza aŵiri Loŵeruka lililonse magetsi akakhala alipo, kuyambira a maliro ndi a ukwati.