Momwe mungasandutsire phunziro lojambula pa foni kukhala manotsi

Mphunzitsi akalankhula ola lathunthu, pulogalamu yosandutsa mawu kukhala zolemba imakutulutsirani masamba ambirimbiri opanda mutu. Amenewo si manotsi, ndi chimanga chosakonola. Tiyeni titenge phunziro la malungo la ophunzira zaunamwino.

Choyamba werengani zonse kamodzi osalemba kanthu, mukungosaka pomwe mphunzitsi akukhota. Amadziulula yekha ndi mawu ngati "tsopano tione" kapena "tisiye zimenezo". Pamenepo ndi pomwe pakhale mutu. M'phunziro lathuli mitu ituluka itatu: momwe udzudzu umapatsira tizilombo, zomwe zimachitika m'chiwindi, ndi zomwe zimachitika m'magazi. Pambali pa mutu uliwonse lembani mphindi yomwe nkhaniyo yayambira, monga 18:40, kuti musadzavutike kuyisaka.

Kenako petani. Moni, nthabwala ndi zolengeza zichoke. Koma zomwe wabwereza kawiri katatu musazitaye, chifukwa kubwereza ndi njira yomwe aphunzitsi ambiri amasonyezera chofunika. Pansi pa mutu uliwonse siyani mfundo zitatu kapena zinayi m'mawu anuanu. Pa za magazi mungalembe kuti: tizilombo tikachoka m'chiwindi timalowa m'maselo ofiira, timachulukana, ndipo pa mtundu wa falusipalamu maselowo amaphulika pakatha pafupifupi maola 48.

Apa ndiye pofunika kudekha, chifukwa pulogalamu imalakwitsa mwaulemu, chiganizo n'kumaoneka bwinobwino. M'Chingelezi 15 ndi 50 zimamveka mofanana. Mphunzitsi atha kunena kuti zizindikiro zimayamba masiku 10 mpaka 15 udzudzu utakuluma, zolemba n'kuonetsa 50. Mukaloweza zimenezo mwaloweza bodza. Choncho nambala iliyonse ndi dzina lililonse la mankhwala, bwererani pa mphindi ija mumvetsere, kenako mutsimikize m'buku. Pomwe mphunzitsi anadumphira m'Chichewa mupeza mawu osamveka kapena mpata. Pamenepo lembani ndi khutu lanu. Chimodzimodzi akati "kuchokera apa kufika apa": ankaloza pabolodi, ndipo foni sinaone. Jambulani chithunzicho nokha kapena bwerekani kope la mnzanu lero lomwe musanaiwale.

Mafunso abwere pomaliza, awiri pa mutu uliwonse. Loti "Kodi udzudzu waukazi ndiwo umafalitsa malungo?" n'lofooka, mungoti eya. Funsani chomwe chikukakamizeni kufotokoza: "N'chifukwa chiyani munthu samva kudwala pomwe tizilombo tili m'chiwindi?" Yankho lake likufuna mulumikize mitu iwiri, poti kutentha thupi kumayamba maselo ofiira akayamba kuphulika.

Mayankho alembeni kuseri kwa pepala, osati pansi pa funso, maso amaba. Mawa lake yankhani manotsi ali chitsekere, mubwerezenso pakatha masiku atatu ndi pakatha sabata. Funso lomwe lakugwetsani kawiri liikeni chizindikiro, mubwerere ku mphindi yake mukamverenso mphunzitsi mwiniwake.