Momwe mungawerengere zolembedwa mkati mwa mkono wa magalasi kuti mudziwe ngati ndi orijino

Msuweni wanga amayendetsa kabaza wa njinga yamoto pakati pa Chitakale ndi Limbuli, ndipo fumbi ndi dzuwa la mumsewu umenewu zimamuvutitsa maso. Mwezi watha anabwera kunyumba ndi magalasi adzuwa akuda amene anagula pa kaunjika, pambali palembedwa Ray-Ban. Wogulitsa anamuuza kuti atuluka m'belo, ndi orijino. Tinakhala pakhonde n'kuwayesa limodzi, ndipo njira imene tinatsata ndi yomwe ndikufotokoza pano.

Dzina lalikulu la kunja musayambe nalo, aliyense angathe kulimata. Tambasulani mikono iwiri yopita kumakutu ija, muime powala, muwerenge zamkati. Ngati tizilembo tachepetsa, jambulani ndi foni n'kukulitsa chithunzicho. Ndikamati kumanzere kapena kumanja ndikutanthauza mmene magalasi amakhalira mutawavala.

Mkono wakumanzere wa magalasi a msuweniyo unalembedwa motere:

```
RB2140 901/58 50□22 3P
```

Zilembo zoyambirira ndizo zimaulula kampani, ngakhale dzina litafufutika. RB ndi Ray-Ban, OO ndi magalasi adzuwa a Oakley, GG ndi Gucci, VO ndi Vogue, EA ndi Emporio Armani. Manambala otsatira ndi mtundu wa feremu. RB2140 ndi Wayfarer, yapulasitiki yonenepa ija, pomwe RB3025 ndi Aviator, ya waya woonda yokhala ndi timilatho tiwiri pamphuno. Lembani nambalayi pa Google, makamaka pa tsamba la kampani eni ake, muyerekeze chithunzi ndi chimene chili m'manja mwanu. Magalasi ambiri afeki amagwera pomwepa, chifukwa opanga ake amadinda nambala imodzi pa maferemu onse. Mukapeza RB3025 pa feremu yapulasitiki yonenepa, musavutike kupitiriza. Athu anadutsa apa, maonekedwe anali a Wayfarer ndithu.

Kenako pamabwera nambala ya mtundu. 901 ndi feremu yakuda, ndipo 58 yotsatira kamzereyo ikunena galasi lobiriwira lotchinga kunyezimira. Nayonso inagwirizana ndi maonekedwe. Zikanakhala kuti feremu ndi yofiirira ngati chigoba cha kamba koma palembedwa 901, tikanadziwiratu, chifukwa mtundu umenewo nambala yake ndi 902.

Tsono tengani rula ya mwana wasukulu. Manambala awiri olekanitsidwa ndi kabokosi ndi miyezo ya mamilimita. 50 ndi kutambalala kwa galasi limodzi pamene latambalala kwambiri, 22 ndi mpata wapakati pa magalasi awiriwo, pokhala mphuno. Maferemu ambiri, makamaka a mandala owerengera, amawonjezera nambala yachitatu monga 140, 145 kapena 150, kutalika kwa mkono kuyambira pa kasikuluwu mpaka kunsonga, kutsata pokhota. Yezani galasi lokha, osaphatikiza feremu. Kusiyana kwa milimita imodzi kungachokere ku dzanja lanu kapena ku mphepete mwa galasi imene yalowa mu feremu. Ife tinapeza 55 pamene palembedwa 50. Kampani yeniyeni siphonya choncho, chifukwa akatswiri a maso amadalira manambala amenewa podula mandala.

Chomalizira pamzerewo ndi 3P, ndipo kwa munthu wapamsewu ngati msuweni wanga apa ndi pofunika kuposa dzina. Nambalayo imasonyeza kuda kwa galasi, kuyambira 0 mpaka 4. Adzuwa ambiri ndi 3. A 4 ndi akuda kwambiri moti si oyenera kuyendetsera galimoto kapena njinga. Chilembo N chimatanthauza galasi wamba, P ndi lotchinga kunyezimira kochokera pa madzi, pa malata kapena pa tala wonyowa. Ili ndi lonjezo loti mungathe kuliyesa. Yatsani sikirini ya kompyuta pa tsamba loyera, muyang'ane kudzera m'galasi uku mukuzungulitsa magalasiwo pang'onopang'ono ngati chiwongolero. A P enieni amafika pamalo pomwe sikirini imada bii, kenako n'kuwalanso. Mafoni ena amachitanso chimodzimodzi koma ena ayi, n'chifukwa chake kompyuta ndi yodalirika. Athu tinawazungulitsa mbali zonse, sanade ngakhale pang'ono. Komanso Ray-Ban wotchinga kunyezimira amakhala ndi P pambali pa dzina loyera la Ray-Ban pakona ya galasi lakumanja, ndipo panalibe.

Mkono wakumanja umakhala ndi dzina la kampani, dziko lopangira ndi chizindikiro cha CE, chonena kuti katundu akutsata malamulo a ku Ulaya. Apa anthu amalakwitsa kawiri. Ena akaona Made in Italy mtima umakhala pansi, chonsecho mawu amenewa ndi amene akopera amathamangira kudinda. Ena akaona Made in China amataya, pomwe Luxottica, kampani ya ku Italy imene inagula Ray-Ban mu 1999, ili ndi mafakitale ku China, ndipo Ray-Ban ena enieni amalembedwa choncho. CE nayo amaidinda yekha wopanga, sitsimikiza kanthu. Chimene muyang'ane ndi kalembedwe. Zilembo zikhale zofanana msinkhu, zili pamzere umodzi, penti yosamwazika, mawu osaphonya chilembo. Kufufutika kokha si umboni, magalasi a kaunjika enieni amene anavalidwa zaka zingapo thukuta limadya zilembo zake.

Zikatero siyani kuwerenga, gwiritsani ntchito zala. Pa galasi lakumanzere la Ray-Ban, pafupi ndi pamene mkono walumikizana, pamakhala tizilembo RB tozokotedwa m'galasi momwemo, tooneka bwino mukapendeketsa powala. Pitsani chikhadabo pang'ono. Tozokotedwa sitichoka, ta penti timakandika. Mukapeza BL m'malo mwa RB musafulumire kunyoza, angakhale akale a nthawi ya Bausch & Lomb, kampani imene inkapanga Ray-Ban isanafike 1999. Yendetsaninso chala m'mphepete mwa feremu. Wayfarer ya RB2140 imadulidwa ku pulasitiki yolimba n'kupukutidwa, choncho imakhala see, yolemererapo, ndipo mkati mwa mkono mumadutsa waya wachitsulo. Yafeki imathiridwa m'chikombole, ndiye pamatsala kamzere kotukuka ngati ka pa beseni lapulasitiki. Mahinjesi akhale achitsulo, ogwira zolimba, mkono uzitseguka mosagwedera. Kwa msuweni wanga kamzere kanalipo, ndipo theka la R linatsala pa chikhadabo changa.

Bokosi, kansalu ndi kapepala ka kampani musazidalire, zimakoperedwa mosavuta kuposa feremu. Mtengo ndiwo umanena zambiri: Wayfarer yatsopano kunja imaposa madola 100 aku America, ndiye yatsopano yogulitsidwa mtengo wa mbale ya chipisi siingakhale yeniyeni. M'belo mokha ndi momwe yeniyeni yotchipa ingapezeke, ndipo imakhala ndi zipsera za kuvalidwa.

Chimene chimandidetsa nkhawa pa magalasi afeki ndi maso. Galasi lakuda limachititsa kamwanadiso kutseguka, ndipo ngati silitchinga cheza choononga maso cha dzuwa chotchedwa UV, chimalowa chambiri kuposa mutayenda osavala magalasi. Sitika yolembedwa UV400 simungaitsimikize ndi maso kapena ndi foni. Ena otchipa amatchinga ndithu, ena ayi, ndipo chimasiyanitsa ndi kamakina koyezera kamene malo ena opimira maso ndi kudula mandala amakhala nako. Ndinamuuza msuweniyo kuti akadzapita ku Limbe akafunse ngati angamuyezere, ndipo pakadali pano atchinge fumbi ndi galasi la chipewa chake cha njinga. Ngati mukufuna feremu ya kaunjika kuti akuikireni mandala anu, apatseni odula mandala aione kaye musanalipire, chifukwa yafeki yambiri imathyoka kapena kusungunuka akamaifunditsa kuti galasi lilowe.