Momwe mungakonzere pepala la mafunso a nthawi za aneni ndi zoyankhula wina

Ndimaphunzitsa ana a giredi 7 Chinyanja madzulo pakhonde langa kuno ku Kapata, ndipo pepala ili ndalikonza kangapo. Likwane mbali imodzi, mayankho apite kuseri.

Yambani ndi mneni mmodzi yekha, monga kulima, ndipo musinthe kachidutswa ka pakati basi. Pamwamba lembani malamulo mwachidule: -ku- ndi zimene zikuchitika pano (ndikulima), -ma- ndi zachizolowezi (ndimalima), -na- ndi zakale (ndinalima), -a- ndi zimene zangotha (ndalima), -dza- ndi zamtsogolo (ndidzalima). Kenako mafunso asanu odzaza mpata, monga "Dzulo amalume ____ (lima) mtedza ku Katete." Yankho ndi analima, chifukwa mawu oti dzulo aloza kale kuti ndi zakale. Mawu osonyeza nthawi musawasiye mu funso lililonse. Pakamwa, "amalima" wa masiku onse ndi "amalima" wa zakale amasiyana kamvekedwe, koma papepala ndi amodzi, ndiye mwana sangadziwe amene mukufuna. Ana a m'tauni adzalemba "nizalima". Musawakalipire, ingolembani kuseri kuti polemba timati ndidzalima.

Gawo lachiwiri, lofotokoza zimene wina anayankhula, ndi limene linandichititsa manyazi. Ndinapereka chiganizo ichi: "Ndikupita kumsika," anatero agogo. Kuseri ndinalemba yankho limodzi lokha: Agogo ananena kuti ankapita kumsika. Ndinali nditatengera lamulo la Chingerezi lakuti mneni abwerere m'mbuyo mukamanena zimene wina anayankhula. Ana ambiri analemba kuti "Agogo ananena kuti akupita kumsika," ine n'kuwachongera kuti alakwa. M'mawa mwake mtsikana wina anabwera ndi pepala lake litapindika, n'kundifunsa mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, kodi kunyumba inu mumanena choncho?" Ndinayesa kunena chiganizo changa mokweza ndipo ndinamva ndekha kuti tanthauzo lasuntha. "Ankapita" akumveka ngati agogowo anali ndi chizolowezi chopita kumsika kale, pomwe iwo anangotsanzika tsiku limodzi. M'Chinyanja mneni angathe kukhala mu nthawi yomwe woyankhulayo anagwiritsa ntchito, chifukwa "ananena" wasonyeza kale kuti ndi zakale.

Ndiye kuseri fotokozani zimene zimasinthadi. Mitengero imachoka, m'malo mwake mulowe "kuti". Woyankhula asintha: ndi- akhala a-, wanga akhala wake, kapena wawo ngati ndi munthu wamkulu. "Ndataya ndodo yanga," anatero agogo, ikhala: Agogo ananena kuti ataya ndodo yawo. Mwana akalemba "yake" kwa agogo, galamala sinathyoke koma ulemu wachoka, ndipo ine ndimadula theka la malikisi.

Mawu a nthawi ndi malo amasintha pokhapokha ngati wonenayo ali pa tsiku lina kapena malo ena. "Ndidzabwera kuno mawa," anatero amalume. Mukamafotokoza patapita sabata: Amalume ananena kuti adzabwera kumeneko tsiku lotsatira. Mukamafotokoza madzulo a tsiku lomwelo muli pamalo pomwepo, "kuno" ndi "mawa" atsala momwemo. Choncho mu funso lembanimo tsiku limene nkhaniyo ikufotokozedwa, apo ayi landirani mayankho onse awiri.

Ikaniponso chiganizo chimodzi cholamula ndi funso limodzi. "Khala pansi," amayi anauza mwana, ikhala: Amayi anauza mwana kuti akhale pansi. Mneni wathera ndi -e. "Kodi mwadya?" anafunsa azakhali, ikhala: Azakhali anafunsa ngati tadya. "Kodi" wachoka, mfunsiro wachoka, "ngati" walowa. Koma funso lokhala ndi liti, kuti kapena ndani silifuna "ngati": Anafunsa kuti tibwera liti.

Pansi pa yankho lililonse, chifukwa chake chikhale mzere umodzi. Ukapitirira apo ana sawerenga.

Zosindikiza mukuzidziwa. Chenjerani ndi ena a mafotokope m'tauni muno amene amachepetsa inki, mitengero n'kusanduka timadontho tosaoneka, gawo lonse lachiwiri n'kuwonongeka. Wina anandilipiritsa mbali ziwiri ngati mapepala awiri, ndiye gwirizanani mtengo asanadine batani, ndipo onani pepala loyamba lisanachuluke. Ndalama zikavuta, sindikizani mafunso okha, mayankho mulembe pabolodi ana akamaliza.