Kumanzere kapena kumanja: zikutiuza chiyani za malo?

"Ndili ndi chithunzi cha msewu koma sindikudziwa kumene chinajambulidwa. Kodi mbali imene magalimoto akuyenda ingandithandize?"

Choyamba tsimikizani kuti msewuwo ndi wa magalimoto opita ndi obwera, chifukwa msewu wopita mbali imodzi sukuuzani kanthu. Onaninso malemba a pa zikwangwani. Ngati akuoneka otembenuka monga pagalasi, chithunzicho anachitembenuza, ndiye zonse muziwerenge mosinthanitsa.

Kenako pezani galimoto imene ikuyenda. Ngati mukuiona kumbuyo ndipo ili kumanzere kwa mzere wapakati, dzikolo amayenda kumanzere. Pakasowa galimoto, onani zikwangwani za pamsewu, poti zokuyang'anani nthawi zambiri zimakhala m'mphepete mwa mbali imene oyendetsa amayendamo. Chiwongolero musachikhulupirire kwambiri: ku Myanmar amayenda kumanja kuyambira 1970, koma magalimoto ambiri chiwongolero chake chilinso kumanja.

Mukapeza kumanja, simunapite patali, chifukwa maiko pafupifupi awiri mwa atatu alionse amatero. Kumanzere ndiye kumachepetsa ntchito. Tiyerekeze kuti chithunzi chikuonetsa minibasi kumanzere, dothi lofiira m'mbali ndi sitolo yolembedwa Chipwitikizi. Maiko a mu Afirika olankhula Chipwitikizi monga Angola amayenda kumanja, Brazil ndi Portugal chimodzimodzi, koma Mozambique amayenda kumanzere. Malo ena a Chipwitikizi oyenda kumanzere ndi East Timor ndi Macau, ndipo nkhope za anthu ndi manambala a magalimoto zikusiyanitsirani. Malemba akanakhala a Chingerezi, mukanatsalabe ndi Malawi, Zambia, Zimbabwe, Kenya ndi ena, choncho mukanafunika chizindikiro china.