Mtengo ukasintha, fufutani kiyi mu Redis

Amene mukusunga mitengo ya katundu mu Redis, musadalire nthawi yothera yokha. Mukalemba

```
SET price:4821 1999 EX 300
```

ndiye kuti mtengo ukasintha mu databesi, ogula atha kumaonabe wakalewo kwa mphindi 5. Choncho sinthani mu databesi kaye, zikalowa bwinobwino, kenako `DEL price:4821`. Dongosololi musalitembenuze. Mukayamba n'kufufuta, wina akawerenga pakatipo amatenga mtengo wakale n'kuubwezera mu Redis, ndipo umakhalamo mpaka nthawi yake itatha.

Chinanso chimene ambiri sachiona: `SET` yopanda `EX` imachotsa nthawi yothera imene kiyiyo inali nayo. Funsani `TTL price:4821`. Ikayankha -1, kiyiyo sidzachoka yokha.

Koma polipiritsa, chonde, mtengo muziuwerenga mu databesi momwemo.