Dontho lakuda lobwerezabwereza pa pepala

Pulinta yathu ya leza kuno ku Nchalo idayamba kudinda dontho lakuda lobwerezabwereza kutsika ndi pepala. Musathamangire kugula tona, inki yaufa ya pulinta, yezani kaye mpata wa pakati pa madonthowo ndi lula. Ine ndidapeza mamilimita 75, ndipo nditagawa ndi 3.14 zidandipatsa pafupifupi 24, mamilimita a m'mimba mwa dilamu, kachitsulo kobulungira kamene kamadinda tona pa pepala, ka m'katiriji yathu, kabokosi kosungira tona. Dilamu ikazungulira kamodzi, dontho limodzi.

Ndidatulutsa katiriji, m'chipinda mopanda dzuwa chifukwa kuwala kumaononga dilamu, n'kuzunguza dilamuyo pang'onopang'ono. Padali kaguluu ka sitika, katafewa ndi kutentha kwa kuno ku chigwa. Ndidakapukuta ndi kansalu kofewa kouma, osakhudza ndi zala, dontho lidatha. Dilamu ikakhala yokandika, kupukuta n'kungotaya nthawi, mugule katiriji ina.